Masamba awiri amene bodi idzawerenge

Mabanki, makampani a inshulansi ndi mabungwe obwereketsa ndalama amalemba ganyu akatswiri kuti ayese kuthyola makompyuta awo. Ntchitoyi amaitcha penitesiti. Akatswiriwo amapatsidwa kalata ya chilolezo, masiku owerengeka ndi malire a zomwe angakhudze, kenako amachita zimene wakuba weniweni akanachita: kuyesa mapasiwedi, kusaka mapulogalamu akale, ndi kuona kuti akalowa pamalo amodzi angafike pati. Kalatayo si ya mwambo chabe. Kuno ku Malawi lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo, choncho woyesa amene alibe kalata ndi wolakwira lamulo.

Ntchito ikatha pamatuluka lipoti, ndipo nthawi zambiri limakhala lalikulu, la masamba makumi angapo, lodzaza ndi zithunzi za sikirini ndi malangizo a amisiri. Amene amawerenga lonse ndi a dipatimenti ya zamakompyuta. Koma ndalama zokonzera zolakwikazo sizili m'manja mwawo. Zili m'manja mwa bodi, momwe muli loya, akauntanti, wamalonda, mwina mphunzitsi wopuma pantchito amene mamembala anamusankha. Anthu amenewa amawerenga chidule cha masamba awiri oyamba, pa msonkhano umene ulinso ndi nkhani ya ngongole zosabwezedwa ndi ya malipiro a antchito. Chidulecho chikalembedwa molakwika, lipoti lonse limangosungidwa mu kabati, ngakhale ntchito ya akatswiriwo inali yabwino chotani.

Tiyerekeze bungwe lobwereketsa ndalama lomwe lili ndi mamembala 30,000, likulu limodzi, nthambi zitatu, ndi webusaiti yomwe membala amaonerapo ndalama zake. Bungweli ndi lachitsanzo chabe, koma zofooka zake ndi za mtundu umene oyesa amakumana nawo kawirikawiri. Oyesa awiri agwira ntchito masiku khumi ndipo apeza zofooka 43. Chidule chimene ambiri amalemba chimanena kuti ziwiri ndi zoopsa kwambiri, zisanu ndi ziwiri ndi zazikulu, 19 ndi zapakati, 15 ndi zazing'ono. Pansi pake pamakhala chithunzi chozungulira cha mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, ndi chiganizo cholangiza bungwe kuti "lilimbitse chitetezo chake".

Palibe bodza m'chidule chimenechi. Vuto lake ndi lakuti dailekitala akachiwerenga sadziwa choti achite. Kodi 43 ndi zambiri kapena zochepa? Ndalama za mamembala zingabedwe kapena ayi? Zimene bodi imachita ikapatsidwa chidule chotere n'zodziwikiratu: imalamula kuti zofiira ziwiri zija zikonzedwe msanga, zotsalazo zidzaonedwe bajeti ikalola. Ndipo m'chitsanzo chathuchi, chigamulo chimenecho chimasiya vuto lenileni lili chikhalire.

Mitundu ija imachokera ku muyezo wotchedwa CVSS, umene umayendetsedwa ndi bungwe la FIRST. Umapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Chofooka cha 9.0 kupita m'mwamba ndi choopsa kwambiri, cha 7.0 mpaka 8.9 ndi chachikulu, cha 4.0 mpaka 6.9 ndi chapakati, chotsikirapo ndi chaching'ono. Muyezowu ndi wothandiza kwa amisiri, koma malikisi ake oyambira amayeza chofooka chimodzi pachokha, osadziwa kuti kompyutayo ili pati ndipo muli chiyani. Eni ake a muyezowu amanena okha kuti umayeza kukula kwa chofooka, osati ngozi imene bungwe lili nayo. Pa bungwe lathu lija, zofooka ziwiri za 9.8 zili pa seva yakale imene inkagwiritsidwa ntchito pophunzitsira antchito. Mulibe mbiri ya membala aliyense, siyolumikizidwa ku makompyuta ena a bungwe, ndipo mankhwala ake ndi kuizimitsa basi. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Ngozi yeniyeni ili m'zofooka zitatu zimene sizinafike n'komwe pa mtundu wofiira. Choyamba: wantchito amene anachoka chaka chatha akadali ndi akaunti yolowera mu netiweki ya ofesi ali kunyumba, pasiwedi yake ndi dzina la bungwe lotsatiridwa ndi chaka, ndipo polowa sipafunika nambala yachiwiri yobwera pafoni. Chachiwiri: munthu akangolowa mu netiwekiyo amafika pa kompyuta ina iliyonse, chifukwa makompyuta a pa risepishoni ndi osunga ndalama sanalekanitsidwe. Chachitatu: mu foda imene antchito onse amagawana muli fayilo yakale ya amisiri, ndipo mkati mwake mwalembedwa poyera pasiwedi ya detabesi ya mamembala. Zili ngati khola la mbuzi lomwe mpanda wake uli ndi kachibowo, galu wake ndi wogontha, ndipo kiyi wa loko amasungidwa pansi pa mwala pakhomo pomwepo. Chilichonse pachokha mungachilekerere, koma wakuba amadutsa pa zitatu zonsezo motsatizana usiku umodzi.

Oyesa aja anadutsadi. Pa tsiku lachiwiri anali atafika mu detabesi, ndi mphamvu zowerenga ndi kusintha ndalama za membala aliyense. Chiganizo chimenechi ndicho chiyenera kukhala choyamba m'chidule, ndipo ndimaona kuti wolemba amene wachiika pa tsamba 37 walakwira amene anamulemba ntchito.

Nachi chiyambi cha chidule chimene bodi ingagwire nacho ntchito:

"Munatipempha kuti tione ngati munthu wakunja angafike pa ndalama ndi mbiri za mamembala. Yankho ndi lakuti inde. Tili kunja kwa maofesi anu, popanda wotithandiza mkati, tinatha masiku awiri kuti tifike pamene tikanatha kuwerenga ndi kusintha maakaunti onse 30,000. Tinatsimikizira zimenezi pa akaunti yoyesera imene munatipatsa. Sitinakhudze ndalama za membala aliyense. Sitinagwiritse ntchito luso lapadera, ndipo zida zimene tinagwiritsa ntchito zimapezeka mwaulere. Pa masiku khumi onse amene tinali mkati, palibe chenjezo lomwe linafika kwa antchito anu."

Taonani zimene ndimeyi yachita. Yayamba ndi funso limene bodi inali nalo, yaliyankha mosazungulira. Yatchula chimene chili pangozi m'mawu a bizinesi, osati dzina la seva. Yanena kutalika kwa nthawi ndi luso lofunika, chifukwa dailekitala ayenera kusiyanitsa zimene angachite mnyamata wochenjera wa pa tauni ndi zimene zimafuna gulu la akatswiri lokhala ndi ndalama zambiri. Yasiyanitsanso zimene oyesa anachitadi ndi zimene akanatha kuchita. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwambiri. Mawu akuti "tinawerenga", "tikanatha kusintha" ndi "tikuganiza kuti zingatheke" ali ndi kulemera kosiyana, ndipo wolemba akawasakaniza pofuna kuopseza bodi, mkulu wa zamakompyuta amapeza potsutsira, msonkhano n'kusanduka mkangano wa amisiri umene madailekitala sangaugamule.

Chiganizo chomaliza chija, cha chenjezo, ambiri amachiiwala chifukwa sichiwerengedwa pa mndandanda wa zofooka. Komatu kulowa kwa wakuba ndi nkhani ina, kukhala kwake mkati osadziwika ndi nkhani inanso. Zimene zinachitikira kampani ya ku America yosunga mbiri za ngongole za anthu, Equifax, zikuonetsa zonse ziwiri. Mu Malichi 2017 chigamba chokonzera chofooka cha pulogalamu ya Apache Struts chinatuluka, ndipo mkati mwa kampaniyo munatumizidwa imelo yolamula kuti chiikidwe pasanathe maola 48. Pa makina ena olandirira madandaulo a anthu sichinaikidwe. Akuba analowera pomwepo mu Meyi, anapeza fayilo yokhala ndi mapasiwedi osabisidwa, ndipo mapasiwediwo anawatsegulira madetabesi ena ambiri. Chipangizo choyang'anira zotuluka mu netiweki sichinkaona kanthu chifukwa chiphaso chake chinali chitatha mphamvu kwa miyezi yambiri. Anawazindikira kumapeto kwa Julayi, patapita masiku 76, mbiri za anthu pafupifupi 147 miliyoni zitatengedwa kale. Chenjezo linalipo, lamulo linaperekedwa, koma panalibe amene anatsimikizira kuti ntchitoyo yachitikadi paliponse.

Vuto lachiwiri la bungwe lathu lili pa webusaiti ya mamembala. Membala akatsegula sitetimenti yake, pamwamba pa sikirini pamaoneka adiresi yotha chonchi:

```
/statement?id=10482
```

Woyesa anasintha nambala yomaliza kukhala `10483`, ndipo panatuluka sitetimenti ya munthu wina, dzina, nambala ya foni ndi ngongole zake zonse. Webusaitiyo imafunsa ngati munthu walowa ndi pasiwedi, koma siifunsa ngati sitetimenti imene wapemphayo ndi yake. Cholakwika cha mtundu umenewu n'chofala kwambiri, moti pa mndandanda wa 2021 wa bungwe la OWASP wa ngozi khumi zazikulu za mawebusaiti, kulephera kuletsa munthu kuona zomwe si zake kunali pa nambala 1. M'chidule, zonsezi zimakwana m'chiganizo chimodzi: membala aliyense, ngakhale amene walembetsa lero, angathe kuona sitetimenti ya membala wina aliyense pongosintha nambala imodzi. Dailekitala amene naye ali ndi ngongole ku bungwelo amamva msanga tanthauzo lake. Amamvanso kuti nkhaniyi ikukhudza lamulo, popeza kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Woyesa si loya, choncho ntchito yake ndi kungolozera kuti pano afunsidwe loya wa bungwe, osati kugamula yekha kuti lamulo lathyoledwa.

Zotsala 37 zija sizifunika kutchulidwa chimodzichimodzi. Wolemba wabwino amaziyang'ana n'kufunsa kuti zikuchokera kuti. Nthawi zambiri zofooka makumi angapo zimakhala ndi magwero awiri kapena atatu. Pa bungwe lathu, zambiri zikuchokera pa kusakhalapo kwa munthu amene ntchito yake ndi kuika zigamba mwezi ndi mwezi, ndipo zina zikuchokera poti a ofesi yoona za antchito sauza a zamakompyuta munthu akachoka. Zimenezi si nkhani za makina. Ndi nkhani za kayendetsedwe ka bungwe, ndipo pamenepo madailekitala ndiwo akatswiri kuposa woyesa.

Tsamba lachiwiri ndi la zigamulo, ndipo apa ndi pamene chidule chimapambana kapena kugwa. Pali ntchito zimene oyang'anira angachite okha osadikira bodi: kutseka akaunti ya wantchito wakale uja, kufufuta fayilo ya pasiwedi ndi kusintha pasiwediyo, kuzimitsa seva yakale. Woyesa wanzeru sadikira lipoti kuti anene zoterezi. Amaimba foni tsiku lomwe wazipeza, kotero kuti pofika tsiku la msonkhano chidule chimangonena kuti zinachitika kale pa tsiku lakuti. Kudzaza tsamba la bodi ndi ntchito zoterezi ndi kuwononga nthawi yake.

Zimene zatsala ndi zomwe bodi yokha ingagamule, chifukwa zili ndi mtengo kapena zipweteka wina. Pa bungwe lathu zilipo zitatu, ndipo yovuta kwambiri ndi ya webusaiti. Inapangidwa ndi kampani ina yakunja kwa bungwe, yomwe yati kukonza kudzatenga milungu itatu. Bodi ili ndi njira ziwiri. Ingatseke gawo la masitetimenti mawa lomwe, podziwa kuti mamembala adzadzazana m'nthambi ndipo adzadandaula. Kapena ingalisiye lotsegula milungu itatuyo, podziwa kuti aliyense wozindikira chinyengo cha nambala chija angakopere masitetimenti onse. Chidule chiziike njira ziwirizi poyera, chinene imene oyesa akulangiza ndi chifukwa chake, kenako chisiyire bodi. Ngati bodi isankha kusiya lotsegula, ufulu umenewo ili nawo, koma zilembedwe mu maminitsi kuti ngoziyo yavomerezedwa, ndi ndani, mpaka liti. Pomwepo pamabukanso funso limene amisiri saliganizira: kodi mgwirizano ndi kampani yopanga webusaiti ukuti amalipira kukonzako ndani?

Chigamulo chachiwiri ndi cha ndalama zolekanitsira netiweki ndi kukhazikitsa nambala yachiwiri polowa, ntchito ya miyezi ingapo. Chachitatu ndi kusankha munthu kapena kampani yoti izilandira machenjezo usana ndi usiku. Chilichonse chikhale ndi udindo wa amene achite, tsiku lomaliza, ndi chizindikiro choti chathekadi. "Kulimbitsa kayendetsedwe ka maakaunti" si ntchito imene munthu angafunsidwe ngati waimaliza. "Pofika pa 30 Juni, akaunti ya wantchito aliyense wochoka izitsekedwa tsiku lomwe wachoka, ndipo mkulu woona za antchito azisaina mndandanda mwezi uliwonse" ndi ntchito imene wapampando angafunse pa msonkhano wotsatira n'kulandira inde kapena ayi.

Pa nkhani ya ndalama pamafunika kudziletsa. Oyesa ena amakonda kulemba kuti kubedwa kwa mbiri kumawonongetsa mamiliyoni akutiakuti a madola, manambala otengedwa ku kafukufuku wa makampani akuluakulu a maiko ena. Akauntanti wa mu bodi amazindikira msanga kuti manambalawo si a bungwe lake, ndipo amayamba kukayikira tsamba lonse. Ndi bwino kugwiritsa ntchito zimene bungwe likudziwa kale: chiwerengero cha mamembala, ndalama zodutsa pa tsiku, masiku amene nthambi zingagwire ntchito makompyuta atazima. Mtengo wa kukonza nawonso sayenera kuulota woyesa. Aulembe mkulu wa zamakompyuta pamodzi ndi wa zachuma, atafunsa ogulitsa. Pachifukwa chimenechi, chidule chabwino chimadutsa kaye kwa oyang'anira asanachione madailekitala, kuti akonze zolakwika pa mfundo ndi kuikapo mitengo. Koma asaloledwe kufewetsa chiganizo choyamba chija. Wapampando ali ndi ufulu wofunsa oyesa mwachindunji ngati pali mawu amene anapemphedwa kuchotsa.

Pali ndime ina yaifupi imene siyenera kusowa, yonena zimene sizinayesedwe. Pa bungwe lathu, oyesa sanakhudze polumikizira ndalama za pafoni chifukwa ndi pa kampani ina imene sinapereke chilolezo. Sanatumize maimelo onyenga kwa antchito chifukwa sizinali mu mgwirizano. Nthambi imodzi sanafikeko. Popanda ndimeyi, dailekitala amatuluka mu msonkhano akukhulupirira kuti zonse zaunikidwa, ndipo tsiku lina akuba akadzalowera kumene sikunayesedweko adzati ananamizidwa. Pa chifukwa chomwecho, chidule chisalembe kuti makompyuta a bungwe "ndi otetezeka". Chomwe oyesa anganene moona ndi chakuti anthu awiri, pa masiku khumi, pa malo akutiakuti, anapeza izi ndipo izi anayesa koma analephera. Zolepherazo zilembedwenso. Ngati makina olipirira antchito anakana njira zonse, bodi idziwe, kuti isachotse ndalama pa chinthu chimene chikugwira ntchito.

Dailekitala amene sadziwa zamakompyuta angathebe kuzindikira chidule chofooka. Achotse dzina la bungwe lake m'maganizo, aone ngati tsambalo lingakwanire kampani ina iliyonse. Ngati lingakwanire, n'kutheka kuti oyesa anangoyendetsa pulogalamu yofufuza yokha n'kusindikiza zotuluka, zomwe ndi ntchito ina yotsika mtengo, osati penitesiti. Aone ngati pafotokozedwa njira imene oyesa anayenda, kuchokera pomwe analowera mpaka pomwe anafika. Aonenso ngati patchulidwa dzina la wantchito ngati wolakwa. Chidule chotchula munthu chimakankhira bodi ku chilango, ndipo munthuyo akachotsedwa, dongosolo lomwe linalola cholakwikacho limatsala momwemo. Choipa china n'chakuti chaka chotsatira antchito amayamba kubisira oyesa zinthu.

Kusatchula zambiri kuli ndi chifukwa chinanso. Mapepala a bodi amayenda pa imelo, amasindikizidwa, amaiwalika m'galimoto. Chidule chizinena kuti khomo lilipo ndi zomwe zili kuseri kwake, koma mapasiwedi, maadiresi a maseva ndi ndondomeko yothyolera zikhale m'gawo la amisiri, lomwe limaperekedwa kwa anthu ochepa odziwika maina. Ngakhale chinyengo cha nambala ya sitetimenti chija, ngati sichinakonzedwe pofika tsiku la msonkhano, ndi bwino kuchionetsa pa sikirini m'chipinda momwemo kusiyana ndi kuchilemba mwatsatanetsatane pa pepala logawidwa.

Mzere womaliza wa tsamba lachiwiri ukhale tsiku limene oyesa adzabwerenso kudzaona zokonzedwazo. Mabungwe amene amasunga kapena kudutsitsa manambala a makadi a kubanki amakakamizidwa kale ndi malamulo a PCI DSS kuyesa kamodzi pa miyezi 12 ndi pambuyo pa kusintha kwakukulu kulikonse, komanso kubwereza mayeso pa zomwe zakonzedwa. Ena onse ayenera kudziikira okha lamuloli, ndi kuonetsetsa kuti kubwerezako kuli mu mtengo wa mgwirizano woyamba. Kukonza kumalakwika kawirikawiri. Kampani ya webusaiti ingatseke mpata pa tsamba la sitetimenti n'kuusiya pa batani lotsitsira fayilo ya sitetimenti yomweyo. Amisiri angasinthe pasiwedi ya detabesi n'kuilembanso mu fayilo ina ya mu foda yomwe ija. Lipoti la kubwereza lingakwane pa tsamba limodzi, ndipo liyankhe funso lomwe linali pamwamba pa chidule choyamba: kodi munthu wakunja angafikebe pa maakaunti 30,000 aja, ndipo ulendo uno anazindikiridwa patapita maola angati?